Kakyuleta yati 16.67, koma pa tepi palibe: kalipentala adula pati?

Matepi ambiri oyezera ali ndi mbali ziwiri: ya masentimita ndi ya mainchesi. Akalipentala ambiri amakonda mbali ya mainchesi, ndipo matabwa amene amatchulidwa ndi mainchesi, monga thu-bai-fo. Vuto ndi lakuti kakyuleta ya pa foni imayankha ndi madesimo, pamene inchi ya pa tepi sinagawidwe pakhumi. Inagawidwa pawiri, kenako panayi, pa 8, mpaka pa 16. Ndiye musanapereke mndandanda wa miyeso kwa kalipentala, desimo iliyonse iyenera kusanduka nambala yathunthu yokhala ndi fulakishoni pambali pake.

Tiyambe ndi yophweka. Thabwa la mainchesi 35 mukufuna kuliika zizindikiro zoligawa panayi, ndipo kakyuleta yakupatsani 8.75. Nambala ya kumanzere kwa kadontho, 8, isiyeni momwemo. Kumanja kuli manambala awiri, choncho 0.75 ndi 75/100. Gawani yapamwamba ndi yapansi yomwe ndi 25, mupeza 3/4. Pa mndandanda mulemba 8 3/4, ndipo pa tepi mzere wake ulipo.

Njira imeneyi ndi imene mumaphunzira m'kalasi, ndipo ndi yolondola. Koma taonani zimene ichite ndi 6.4. Ikupatsani 6 4/10, imene ndi 6 2/5. Pa mayeso mwakhoza, koma kalipentala angokuyang'anani, chifukwa tepi yake ilibe mizere yogawa inchi pasanu. Pa ntchito ya matabwa, nambala yapansi simusankha nokha ayi. Tepi inakusankhirani kale: ndi 16.

Ndiye funso limasintha. Mumadzifunsa kuti: desimo imeneyi ikufanana ndi timizere tingati mwa timizere 16 ta mu inchi? Kuti mudziwe, ichulukitseni ndi 16. Apa 0.4 × 16 = 6.4, ndipo nambala yathunthu yoyandikira ndi 6. Ndiye ndi 6/16, imene tikaichepetsa ndi 3/8. Mulemba 6 3/8.

Apa ndi pamene ambiri amaonongera thabwa. Munthu amaona 6.4 n'kuwerenga timizere tinayi kuchokera pa 6. Timizere tinayi ndi 4/16, imene ndi 0.25 basi. Wafupikitsa ndi 0.15 ya inchi, ndipo popeza inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndi pafupifupi mamilimita 4. Shelefu yofupika chonchi imasiya mpata woonekeratu, ndipo thabwa lodula kale silitalikanso.

Tsopano tiyeni ku shelefu yeniyeni ya mabuku. Mkati mwake ndi motalika mainchesi 50, ndipo mukufuna kuika zizindikiro ziwiri zogawa kutalikako patatu mofanana. Kakyuleta ikuti 50 ÷ 3 = 16.666…, masikisi osatha. Yathunthu ndi 16. Chulukitsani 0.667 ndi 16, mupeza 10.67, imene yayandikira 11. Chizindikiro choyamba chikhala pa 16 11/16. Iyi singachepetsedwe, chifukwa 11 sagawika ndi 2.

Mudziwa bwanji kuti simunasokoneze? Bwererani m'mbuyo: 11 ÷ 16 = 0.6875. Kusiyana kwake ndi 0.667 ndi pafupifupi 0.02 ya inchi, theka la milimita. Kumbukirani lamulo ili: ngati mwasankhadi mzere woyandikira, kusiyana sikungapose theka la mpata wa pakati pa timizere, ndiko kuti 1/32 ya inchi, kapena 0.03. Mukapeza kusiyana koposa pamenepo, pena pake palakwika, werengeraninso.

Chizindikiro chachiwiri chili ndi msampha wake. Mukangoyeza 16 11/16 kuchokera pa chizindikiro choyamba, kenako n'kuyezanso, kakusiyana kaja kamaunjikana: 16 11/16 katatu ndi 50 1/16, osati 50. Mipata ikakhala khumi, mapeto ake mpata womaliza umaoneka wopanikizika. Njira yabwino ndi kuyeza zizindikiro zonse kuchokera kumapeto amodzi, ndipo chilichonse muchiwerengere pachokha. Chachiwiri chili pa 100 ÷ 3 = 33.333, ndipo 0.333 × 16 = 5.33, yoyandikira 5. Mulemba 33 5/16. Mukanangophatikiza 16 11/16 kawiri mukanapeza 33 6/16, kamzere kamodzi kupitirira.

Chomaliza ndi kalembedwe. Siyani mpata wooneka bwino pakati pa nambala yathunthu ndi fulakishoni, chifukwa 1 1/2 yolembedwa mothinana imawerengeka ngati 11/2, imene ndi mainchesi asanu ndi theka.

Yesani izi ndi tepi m'manja: 12.125, 7.3 ndi 20.9. Mukapeza 12 1/8, 7 5/16 ndi 20 7/8, mndandanda wanu wakonzeka kupita kwa kalipentala.