Kuzula chinthu pachithunzi ndi chala chimodzi

Amene amatsatsa malonda pa WhatsApp amalidziwa vuto ili. Chikwama n'chokongola, mtengo wake ndi wabwino, koma pachithunzi chaoneka pamodzi ndi ndowa, nsapato ya mwana ndi khoma lakumphika losenda laimu. Wogula amayamba kuona ndowayo asanaone chikwama. Kale munthu ankafunika kompyuta ndi katswiri woti adule chikwamacho pang'onopang'ono, kutsata m'mphepete mwake. Masiku ano mafoni ena amagwira okha ntchitoyi, popanda kuikamo pulogalamu ina iliyonse, ndipo eni ake ambiri sadziwa n'komwe kuti luso limeneli lili m'thumba mwawo.

Choyamba n'kudziwa ngati foni yanu ili nalo. Pa iPhone linabwera mu 2022 ndi iOS 16, ndipo limagwira kuyambira pa iPhone XS ndi XR kupita m'tsogolo. Mafoni akale kuposa amenewa, monga iPhone 8 ndi iPhone X, salitha ngakhale atakhala ndi iOS 16. Kampani ya Samsung inalibweretsa mu 2023 pa Galaxy S23, kenako linafalikira ku mafoni ena a kampaniyo, ngakhale si onse. Simufunika kuloweza maina amenewa. Tsegulani chithunzi cha munthu kapena chiweto, mu Photos ngati muli ndi iPhone kapena mu Gallery ngati muli ndi Samsung, ndipo ikani chala pa munthuyo osachichotsa kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Kuwala kukayenda mozungulira thupi lake, n'kuoneka ngati wanyamuka pachithunzipo, ndiye kuti foni yanu imatha. Mukayesa pazithunzi zingapo zooneka bwino koma osachitika kanthu, ndiye kuti lusoli mulibemo.

Kukanikizako ndi mbali yaing'ono ya ntchito. Ine ndimaona kuti chodula chabwino chimapangidwa musanajambule n'komwe, chifukwa foni siidziwa chikwama chanu monga mmene mumachidziwira inu. Imangoyerekeza pamene chinthu chathera ndi pamene zakumbuyo zayambira, potengera maonekedwe a zinthu amene inaphunzitsidwa, kusiyana kwa mitundu, ndi kuthwa kwa m'mphepete. Pamene malire akuoneka bwino imadula molondola. Pamene malire asokonekera imangolota, ndipo chida chokanikizachi pa iPhone sichikupatsani mpata wokonza ndi dzanja pamene chalakwitsa.

Tiyerekeze mayi amene akugulitsa chikwama chakuda chachikopa, chokhala ndi zogwirira ziwiri ndi lamba wautali wopachika paphewa. Ulendo woyamba wachijambula madzulo m'nyumba, chili pampando wabulauni. Atakanikiza, foni yazula chikwama pamodzi ndi chidutswa cha mpando. Lamba wadukira pakati, ndipo mkati mwa zogwirira mwatsalira nsalu ya mpando ija. Zolakwika zitatuzi gwero lake ndi limodzi: mumdima, chakuda ndi chabulauni zimafanana, ndipo lamba woonda wogona pansalu yakuda alibe malire oti foni iwaone.

Mankhwala ake n'kujambulanso. Atulutse chikwamacho pakhonde m'mawa kapena masana, koma pamthunzi, osati padzuwa, chifukwa dzuwa lamphamvu limaponya chithunzithunzi chakuda chomamatira pachikwama ndipo foni ikhoza kuchiyesa mbali ya chikwamacho. Kumbuyo aikeko chinthu cha mtundu umodzi chosiyana kwambiri ndi katunduyo: nsalu yoyera kapena khoma loyera kwa chikwama chakuda, nsalu yakuda kwa nsapato zoyera. Chitenje cha maluwa ndi mkeka n'zokongola m'maso, koma pa ntchito iyi zimasokoneza. Chikwamacho achiike patsogolo pang'ono, mwina mkono umodzi kuchokera kukhoma, kuti mthunzi wake usagwere pomwepo. Apukute diso la kamera ndi nsalu yofewa, pakuti mafuta a zala amafewetsa m'mphepete monse. Kenako ayandikire mpaka chikwama chidzaze mbali yaikulu ya sikirini, koma chonse chioneke, osadula ngodya iliyonse, adine pachikwamapo kamodzi kuti kamera iloze pamenepo, n'kujambula.

Za lamba ndi zogwirira n'zofunika kuziganizira mwapadera, chifukwa mibowo ndi zinthu zoonda ndi zimene zimagonjetsa foni kawirikawiri. Lamba aupinde bwino n'kuugoneka pachikwama pomwepo, kapena auike mkati. Zogwirira aziimike kuti mpata wa pakati pake ukhale waukulu ndi woyera. Mpata waukulu foni imauona n'kuuboola, koma kampata kakang'ono imakasiya kotseka. Chimodzimodzi ndi munthu amene wagwira m'chiuno: kampata ka pakati pa mkono ndi thupi n'koyamba kukayang'ana. Tsitsi lomasula, ubweya wa galu, masipokosi a njinga, ukonde ndi magalasi ndi zina zimene zimavuta. Botolo la uchi kapena la mafuta ophikira lili ndi vuto lake: foni ikhoza kudula bwino kunja kwake, koma zimene zinali kumbuyo zimaonekerabe kudzera m'botolomo, ndipo palibe kukanikiza kumene kungazichotse. Limenelo mulijambulire pakhoma loyera kuyambira pachiyambi.

Tsopano kuzula. Pa iPhone, mayiyo atsegule chithunzi, akanikize pakati pa chikwama, ndipo kuwala kukayamba kuzungulira achotse chala. Pamwamba pabwera mawu akuti Copy ndi Share, ndipo kuyambira pa iOS 17 pamabweranso Add Sticker. Akasankha Share kenako Save Image, chikwama chokhachokha chisungidwa ngati chithunzi chatsopano, pamene choyamba chija chikhala mmene chinalili. Ngati m'malo mozuka chithunzi chayamba kuyenda, ndiye kuti ndi Live Photo. Achotse chala n'kukanikizanso, kapena ayambe wazimitsa kuyendako pa chizindikiro cha LIVE chimene chili pamwamba. Ntchito yonseyi imachitikira m'foni momwemo, sidya bandulo. Pa Samsung njira n'njofanana: akakanikiza, asankhe Save as image.

Asafulumire kutumiza. Atsegule chodulacho, achikulitse ndi zala ziwiri, ayende nacho m'mphepete monse. Akufunafuna zinthu zitatu: pamene foni yadya chikwama, pamene yasiya chidutswa cha khoma, ndi kamzere koonda ka mtundu wa zakumbuyo kozungulira chinthucho. Kamzereka kamabwera chifukwa timadontho ta chithunzi ta pamalire timakhala tosakaniza mitundu iwiri, theka chikwama theka khoma. Kamabisala kapena kuonekera malingana ndi pamene muike chodulacho. Chikwama chojambulidwa pakhoma loyera chimakhala bwino papepala loyera, koma mukachiika pakuda chimaoneka ngati achizunguliza ndi choko. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwiratu kumene chithunzi chikupita, n'kujambulira pa mtundu woyandikana nako.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa pafupifupi aliyense woyamba kumene. Mwadula bwinobwino, mwatumizira mnzanu, koma iye akuti akuona chikwama chili pa bolodi yakuda bii, kapena yoyera. Foni sinalakwitse. Chodulacho chimasungidwa mu mtundu wa fayilo wotchedwa PNG, umene umalola kuti mbali zina za chithunzi zikhale zopanda kanthu, zoonekera. Mtundu wa JPEG, umene zithunzi zambiri zimayendera, sulola zimenezo. Dontho lililonse liyenera kukhala ndi mtundu wake. Mukatumiza chodula pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chimapanikizidwa n'kusanduka JPEG, ndipo popanda kanthu paja pamathiridwa mtundu umene simunasankhe. Kwa chikwama chakuda, pakathiridwa pakuda ndiye kuti malonda abisika. Ngati mukutumizira wosindikiza kapena wopanga chikwangwani, amene akufuna chodula chenichenicho, tumizani ngati Document, chifika chosasinthika. Ngati ndi cha makasitomala, chiikeni nokha pa zakumbuyo zimene mwasankha musanatumize.

Njira yachidule yochitira zimenezi pa iPhone n'kusankha Copy, kutsegula tsamba latsopano mu Notes, kukanikiza popanda kanthu n'kusankha Paste. Chikwama chikhala papepala loyera, bola foni isakhale pa Dark Mode, apo ayi pepalalo likhala lakuda. Jambulani sikirini, dulani zotsalira za pamwamba ndi pansi, basi. Chithunzi chojambula pasikirini chimachepa kukula poyerekeza ndi choyamba chija, choncho n'chokwanira kuonetsa pafoni koma si chosindikiza pa pepala lalikulu.

Njira yachiwiri ndi ya sitika, ndipo imakupatsani ufulu wosankha malo. Sankhani Add Sticker. Kenako tsegulani chithunzi china, mwachitsanzo cha tebulo loyera limene mwajambula nokha, dinani Edit, lowani mu Markup, dinani chizindikiro cha +, n'kusankha Add Sticker. Chikwama chibwera pamwamba pa tebulolo, ndipo mukhoza kuchisuntha ndi kuchikulitsa kapena kuchichepetsa. Pa Samsung imene imaonetsa Save as sticker, sungani motero, tsegulani chithunzi chinacho, dinani kapensulo kosinthira zithunzi, ndipo mukachipeza pakati pa masitika.

Apa m'pamene maso a wogula amagwirira chinyengo, ngakhale iye sangafotokoze chimene chalakwika. Foni ikamazula chinthu imasiya mthunzi wake, ndiye chikwama chopanda mthunzi chikaikidwa patebulo lenileni chimaoneka ngati chikuuluka. Kuwala nakonso kumaulula: chikwama chowala kumanzere sichigwirizana ndi chipinda chimene zenera lake lili kumanja, ndipo chojambulidwa kuchokera pamwamba sichikhazikika patebulo lojambulidwa cham'mbali. Kwa woyamba kumene ndimalimbikitsa mtundu umodzi wopanda zokongoletsa, woyera kapena wotuwa pang'ono, chifukwa pamenepo diso siliyembekezera mthunzi. Ndipo chodula musachikulitse kupitirira mmene chinabwerera. M'mphepete mumayamba kuoneka manomano.

Ndinenepo mawu awiri pa zithunzi za anthu. Chithunzi cha pasipoti kapena cha chiphaso chilichonse musachipange motere. Maofesi opereka ziphaso amafuna chithunzi chosasinthidwa, ndipo tsitsi lodulidwa ndi foni limaonekera. Komanso kuzula munthu n'kumuika pamalo pamene sanapiteko, kapena pambali pa munthu amene sanaime naye, kukhoza kupasula banja kapena kuipitsa mbiri yake. Mufunseni mwini wake kaye.

Nanga amene foni yake sinayankhe atakanikiza paja? Theka loyamba la ntchitoyi ndi lake ndithu. Nsalu yoyera yosita, yopachikidwa pakhoma n'kutsikira patebulo mosapindika pangodya, imafafaniza malire a khoma ndi tebulo. Ajambule pamthunzi wa pakhonde, adule chithunzi m'mbali zonse ndi chida chodulira chimene foni iliyonse ili nacho, akweze kuwala pang'ono mpaka nsaluyo iyere osawononga mtundu wa katundu. Chikwama chituluka chokha pachoyera, lamba wake ali wathunthu ndi mthunzi wake uli pansi pake.