Ngongole ya galimoto: kawerengedwe ka ndalama ya baluni

Mu mgwirizano wogula galimoto pa ngongole, baluni ndi gawo la ngongoleyo lomwe wogula sabweza mwezi ndi mwezi, koma amadzalipereka lonse pakamodzi pa tsiku lomwe mgwirizano ukutha. Njirayi ndi yofala kwambiri ku South Africa ndi ku Britain, komwe kuli Amalawi ambiri ogwira ntchito, ndipo chomwe chimakoka anthu n'chakuti ndalama yodulidwa pamwezi imatsika. Komabe gawo loikidwa pambalilo limakhalabe ngongole, ndipo banki imaliwerengera chiwongoladzanja mwezi uliwonse kuyambira tsiku lomwe wogula watenga makiyi.

Kuti munthu awerengere baluni amafunika manambala anayi: ndalama yomwe banki yabwereketsa, chiwongoladzanja cha pachaka, kuchuluka kwa miyezi, ndi ndalama yolipira pamwezi. Chitsanzo chomwe chikutsatidwa pano n'choyerekeza chabe, koma chikufanana ndi mmene mabanki a ku South Africa amachitira. Munthu wagula galimoto ya R300,000 popanda kupereka dipoziti, ngongole ndi ya miyezi 72, chiwongoladzanja ndi 12 peresenti pachaka, ndipo baluni ndi 30 peresenti. Popeza ngongole imalipiridwa mwezi ndi mwezi, chiwongoladzanja cha pachaka chimagawidwa ndi 12, kutanthauza 1 peresenti pamwezi.

Baluni ikatchulidwa ngati peresenti, samu yoyamba ndi yosavuta: 30 peresenti ya R300,000 ndi R90,000. Chofunika kutsimikiza n'chakuti peresentiyo yatengedwa pa ndalama iti, chifukwa mgwirizano wina umaitenga pa mtengo wa galimoto pomwe wina umaitenga pa ndalama yobwerekedwa. Munthu yemwe wapereka dipoziti ya R50,000 pa galimoto yomweyi akhoza kuyembekezera baluni ya R75,000, koma pepala lomwe wasayina likunena R90,000.

Ndalama ya pamwezi imamveka bwino ngongole ikagawidwa pawiri. Gawo loyamba ndi R210,000, lomwe limabwezedwa pang'onopang'ono mpaka kutheratu pa mwezi wa 72, ndipo pa chiwongoladzanja cha 1 peresenti pamwezi limafuna R4,105.54 mwezi uliwonse. Gawo lachiwiri ndi R90,000 ija. Pa gawo limeneli wogula sabweza ngakhale senti imodzi, amangolipira chiwongoladzanja chake, chomwe ndi R900 pamwezi. Kuphatikiza ziwirizi, banki imadula R5,005.54 pamwezi. Pa zaka 6 zonse R900 imeneyi imakwana R64,800, koma pamapeto pake R90,000 imakhala ilipo yonse monga inalili tsiku loyamba. Nambala imeneyi ikanamaonetsedwa payokha pa pepala la mtengo, ambiri akanaganiza kawiri asanasayine.

Galimoto yomweyo ikanagulidwa popanda baluni, wogula akanamalipira R5,865.06 pamwezi. Choncho baluni yamupepukitsira R859.52 mwezi uliwonse. Koma zonse zikawonkhetsedwa, wa baluni amalipira pafupifupi R450,399, pomwe wopanda baluni amalipira pafupifupi R422,284. Kusiyana kwake, pafupifupi R28,115, ndiwo mtengo wa kupepukidwa kuja.

Nthawi zambiri nkhani imayambira kumapeto. Wogulitsa amafunsa kuti wogula angakwanitse zingati pamwezi, kenako baluni imakonzedwa kuti igwirizane ndi yankholo. Apa mpamene munthu amafunika kudziwa kupeza yekha ndalama yomwe idzatsale. Njira imodzi ndi kutsata ngongole mwezi ndi mwezi. M'mwezi woyamba chiwongoladzanja pa R300,000 ndi R3,000, kotero pa R5,005.54 yomwe yalipiridwa, R2,005.54 yokha ndiyo yachepetsa ngongole, ndipo yotsala ndi R297,994.46. M'mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama yotsalayo, n'kukhala R2,979.94, ndipo ngongole imatsika kufika pa R295,968.86. Munthu akapitiriza chomwechi mpaka mwezi wa 72, ndalama yomwe yatsala pa mzere womaliza ndiyo baluni.

Mizere 72 ndi yotopetsa, ndipo pali samu yachidule yomwe imapereka yankho lomwelo:

```
B = P × (1 + r)^n − M × ((1 + r)^n − 1) ÷ r
```

Mu samuyi B ndi baluni, P ndi ndalama yobwerekedwa, r ndi chiwongoladzanja cha pamwezi cholembedwa ngati 0.01, n ndi kuchuluka kwa miyezi, ndipo M ndi ndalama ya pamwezi. Mbali yoyamba ikunena komwe ngongole ikanafika wogula akanapanda kulipira kalikonse. Nambala 1.01 ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe maulendo 72 imapereka pafupifupi 2.0471, kutanthauza kuti R300,000 ikanakula kufika pafupifupi R614,130. Mbali yachiwiri ikunena mphamvu ya ndalama zonse zomwe zalipiridwa, poganizira kuti ndalama iliyonse yomwe yaperekedwa msanga yaletsa chiwongoladzanja chomwe chikanabwera pambuyo pake. Kuchotsa 1 pa 2.0471, n'kugawa yankho ndi 0.01, kumapereka 104.71, ndipo R5,005.54 kuchulukitsa ndi 104.71 ndi pafupifupi R524,130. Kuchotsa R524,130 pa R614,130 kumasiya R90,000.

Nambala ya 104.71 ija ndi yoyenera kuigwira bwino, chifukwa ikusonyeza kulemera kwa randi iliyonse. Pa ngongole ya miyezi 72 ndi chiwongoladzanja cha 12 peresenti, R100 iliyonse yochotsedwa pa malipiro a pamwezi imawonjezera R10,471 pa baluni. Wogula akanena kuti sangapitirire R4,800 pamwezi, mbali yachiwiri ya samu imatsika kufika pafupifupi R502,608, ndipo baluni imakwera kufika pafupifupi R111,522, yomwe ndi 37 peresenti ya mtengo wa galimoto. Pa tebulo la wogulitsa zimaoneka ngati nkhani ya R200 yokha, koma pa tsiku lomaliza ngongole yakula ndi ndalama yoposa R21,000. Mabanki amaika malire pa kukula kwa baluni, ndipo malirewo amasiyana malinga ndi banki komanso zaka za galimoto.

Yemwe ali ndi Excel kapena Google Sheets, ngakhale pa foni, akhoza kupeza mayankho onse awiri motere:

```
=FV(12%/12,72,5005.54,-300000)
=PMT(12%/12,72,-300000,90000)
```

Mzere woyamba ukupereka baluni pamene ndalama ya pamwezi ikudziwika, ndipo wachiwiri ukupereka ndalama ya pamwezi pamene baluni ikudziwika. Chizindikiro chochotsera patsogolo pa 300000 n'chofunika. Chikaiwalika, pulogalamu imawonkhetsa mbali ziwiri zija m'malo mozichotserana, ndipo yankho la mzere woyamba limakhala nambala yoposa miliyoni imodzi yokhala ndi chizindikiro chochotsera patsogolo. Ndalama yotero ikaonekera, vuto lili pa chizindikiro.

Yankho la kunyumba silifanana nthawi zonse ndi la banki, ndipo kukula kwa kusiyanako kumaloza komwe kuli vuto. Kusiyana kwa marandi ochepa n'kosadetsa nkhawa, chifukwa mabanki ambiri amawerengera chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku, pomwe miyezi ndi yosafanana kutalika. Kusiyana kwa masauzande kuli ndi chifukwa china. Ndalama yomwe imadulidwa ku akaunti kawirikawiri imakhala ndi zowonjezera, monga ndalama yoyendetsera akaunti ya ngongole ndi inshuwalansi, ndipo zimenezi sizichepetsa ngongole. Ziyenera kuchotsedwa M isanalowe mu samu. Ngati R69 ya mtundu umenewu yasiyidwa mkati, baluni imaoneka yochepa ndi pafupifupi R7,225 kuyerekeza ndi yeniyeni. Chimodzimodzinso P si mtengo wolembedwa pa galasi la galimoto ayi, koma mtengowo kuchotsa dipoziti, kuwonjezera zonse zomwe banki yalowetsa mu ngongole, monga ndalama yotsegulira mgwirizano, yolembetsera galimoto, kapena waranti yowonjezera. Pomaliza, mgwirizano wina umafuna baluni pa tsiku limodzi ndi malipiro a mwezi wa 72, pomwe wina umawerenga miyezi 71 ya malipiro n'kuika baluni pa mwezi wa 72. Kulakwitsa pamenepa kumasintha yankho ndi ndalama yofanana ndi malipiro a mwezi wathunthu. Ku South Africa lamulo la ngongole la 2005 limalamula wobwereketsa kupereka pepala lofotokoza mtengo wonse wa ngongole munthu asanasayine, ndipo manambala olowa mu samu ayenera kutengedwa pa pepala limenelo.

Ngongole zambiri za magalimoto m'dzikolo zimakhala ndi chiwongoladzanja chosinthasintha, chomwe chimatsata mlingo womwe mabanki amabwereketsera. Mlingowo ukakwera, nthawi zambiri chomwe chimasintha ndi ndalama ya pamwezi, baluni n'kukhala momwe inalembedwera. Koma miyezi yomwe wogula wadumpha imaunjikana pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, ndipo imafunika kulipiridwa pamwamba pa baluni.

Samu yomweyi imathandizanso yemwe akufuna kugulitsa galimoto ngongole isanathe. Pakaikidwa 36 m'malo mwa 72, yankho ndi ngongole yotsala pakatha zaka zitatu. Wa baluni amakhala akadali ndi pafupifupi R213,608, pomwe wopanda baluni watsala ndi pafupifupi R176,582. Popeza galimoto imatsika mtengo kwambiri m'zaka zake zoyambirira, wa baluni amatha kupeza kuti ndalama yomwe ogula akumupatsa siyikukwana kutseka ngongole. Izi zimachitikanso galimoto ikabedwa kapena kuwonongekeratu pa ngozi, chifukwa inshuwalansi wamba imalipira mtengo wa galimoto pa nthawiyo, osati ngongole yotsala.

Tsiku lomaliza likafika, wogula akhoza kulipira R90,000 kuchokera m'thumba, kugulitsa galimoto n'kutseka ngongole, kapena kupempha ngongole yatsopano. Kusunga R90,000 m'miyezi 72 kumafuna R1,250 pamwezi ngati ndalamayo sikupindula kanthu, zomwe zikuposa R859.52 yomwe baluni inapepukitsa. Ngongole yatsopano si ufulu wa wogula, chifukwa banki imamuunikanso ngati wobwereka watsopano. Ikavomera kupereka R90,000 kwa miyezi 24 pa 12 peresenti yomweyo, malipiro amakhala R4,236.61 pamwezi, ndipo chiwongoladzanja chowonjezera ndi pafupifupi R11,679 pa galimoto yomwe idzakhale ya zaka 8 ngongole ikamatha.

Ku Britain, mu mgwirizano wotchedwa PCP, samu ndi yomweyi koma baluni imapezeka mwa njira ina. Kampani yobwereketsa ndiyo imayerekeza mtengo womwe galimoto idzakhale nawo pamapeto, potengera mtundu wake, kutalika kwa mgwirizano ndi mtunda womwe wogula walonjeza kuyenda pachaka. Kumeneko wogula ali ndi ufulu wobweza galimoto m'malo molipira baluni, bola asapitirire mtunda womwe anagwirizana ndipo galimotoyo ikhale yosamalidwa bwino, apo ayi amalipiritsidwa ndalama zina. Baluni wamba ya ku South Africa ilibe chitsimikizo chotero pokhapokha mgwirizano utanena momveka kuti mtengo wa galimoto pamapeto ndi wotsimikizika. Ngati galimoto ya m'chitsanzochi itagulitsidwa R70,000 pakatha zaka 6, mwini wake ayenera kupeza yekha R20,000 yotsala kuti ngongole itsekedwe.