Mizere ya pa tchati: zimene imaona ndi zimene singaone

Mu Ogasiti 2020 mtengo wa golide unakwera mpaka pafupifupi madola 2,070 pa aunsi imodzi, kenako n'kutsika. Mu Malichi 2022, nkhondo ya ku Ukraine itangobuka, unafikanso pomwepo n'kubwerera. Mu Meyi 2023 zinateronso. Munthu wotsegula `XAUUSD` pa foni akanatha kulemba mzere umodzi wopingasa wokhudza nsonga zitatu zonsezo.

Mzere wotere amalonda amautcha rezisitansi, ndipo uli ngati denga limene mtengo umagundapo mutu. Mnzake wa m'munsi ndi sapoti, malo amene mtengo ukatsikirapo ogula amachuluka. Golide yemweyo anali ndi sapoti cha pa madola 1,680, pomwe anaima mu Malichi 2021, mu Ogasiti 2021 ndi mu Julaye 2022. Kuwerenga matchati motere, poyang'ana mmene mtengo wakhala ukuyendera osati phindu la kampani kapena chuma cha dziko, ndiko kumene amati tekinikolo analisisi.

Palibe zamatsenga apa, ndi mtima wa anthu basi. Amene anagula pa nsonga mu 2020 anakhala miyezi yambiri ndalama zawo zitaperewera, choncho mtengo utabwereranso anagulitsa kuti angopulumutsa mpamba. Amene anagula motchipa anati phindu lakwana. Ndiye pali khamu lina limene limagulitsa chifukwa chakuti nalonso lauona mzerewo. Ogulitsa akaunjikana malo amodzi, mtengo umalephera kudutsa.

Koma taonani zimene zinachitika pa 4 Disembala 2023. Golide anadumpha kupitirira madola 2,100, ambiri n'kuthamangira kugula poganiza kuti njira yatseguka. Tsiku lomwelo lisanathe mtengo unali utagweranso pansi pa mzere, ndipo sabata yotsatira unatsika kufika pansi pa 2,000. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi sakhulupirira kudutsa kwa maola ochepa. Amadikira kuona pomwe mtengo watsekera tsikulo, ena mpaka sabata yonse. Kudutsa kwenikweni kunabwera mu Malichi 2024, ndipo pofika Epulo golide anali atakhudza 2,400.

Chida china ndi avareji yoyenda, imene pa MetaTrader imalembedwa `Moving Average`. Tinene kuti sheya yatsekera pa K100, K102, K101, K105 ndi K107 masiku asanu otsatizana. Kuphatikiza ndi K515, kugawa ndi 5 ndi K103. Mawa lake ikatsekera pa K110, mumataya K100 yakale ija n'kulowetsa yatsopano, avareji n'kukhala K105. Mukalumikiza timadontho timeneti mumapeza mzere wosalala woonetsa kumene mtengo ukulowera. Ambiri amagwiritsa ntchito ya masiku 50 ndi ya masiku 200. Ya 50 ikadutsa ya 200 chokwera amati gulani, ikadutsa chotsika amati gulitsani.

Onetsetsani bwino manambala aja: mtengo uli pa K110, avareji ikadali pa K105. Imatsalira m'mbuyo nthawi zonse, poti imapangidwa ndi mitengo yadzulo ndi yadzana. Mu 2020, mliri wa korona utagwedeza misika, mlozo wa masheya a ku America wa S&P 500 unagwa ndi 34 peresenti ndipo unafika pansi penipeni pa 23 Malichi. Chizindikiro chogulitsa chinatulukira kumapeto kwa mweziwo, msika utayamba kale kukwera. Chogula chinadzabwera mu Julaye. Amene anamvera mizereyi mwakhungu anagulitsa motchipa n'kudzagula modula.

Choopsa kwambiri, m'kuona kwanga, n'chakuti tchati silidziwa zimene akuluakulu akukambirana m'chipinda chotseka. Kuyambira mu Seputembala 2011 banki yaikulu ya ku Switzerland inkaletsa yuro kutsika pansi pa mafulanki 1.20. Pa tchati imeneyo inkaoneka sapoti yolimba koposa. Pa 15 Januwale 2015 bankiyo inalengeza mwadzidzidzi kuti yasiya kutchinjiriza malirewo, ndipo m'mphindi zochepa yuro inagwa koopsa. Amene anaika `Stop Loss` pansi pang'ono pa 1.20 sanapeze wogula pa mtengo umenewo, malonda awo anakatsekedwa kutali, ena n'kutsala ndi ngongole kwa mabuloka. Kampani ya Alpari ya ku UK inagwa mawa lake. Kuno kwathu tikukumbukira Novembala 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti pa chilengezo chimodzi.

Tsono inu amene mwayamba kulemba mizere pa foni, musanadine `Buy` kapena `Sell`, werengerani kaye ndalama zimene mungataye mzerewo ukasweka. Ngati ndi za fizi kapena za lendi, musadine.