Madzi omwewo, tambula ina: mmene kuganiza kwa mwana kumakulira

Tengani matambula awiri ofanana, muthiremo madzi ofika mulingo umodzi, kenaka muitane mwana wa zaka zinayi. Mukamufunsa ngati madziwo ali ofanana, avomera. Tsopano, iye akuonerera, tsanulirani madzi a m'tambula imodzi m'botolo lalitali lopyapyala, mumufunsenso. Ana ambiri a msinkhu umenewu amaloza botolo lija n'kunena kuti muli madzi ambiri. Sakuseka, ndipo sakunama. Waona yekha kuti simunaonjezere ngakhale dontho, komabe kwa iye madziwo achuluka chifukwa akwera.

Amene anatchukitsa kayesedwe kameneka ndi Jean Piaget, katswiri wa ku Siwizalandi yemwe anabadwa mu 1896 n'kumwalira mu 1980. Chimene chinkamukopa sichinali mayankho okhoza, koma olakwa. Anaona kuti ana a msinkhu umodzi amalakwitsa mofanana, ndipo anati kulakwitsa kotereku sikusonyeza kuti mwana ndi munthu wamkulu amene sanadziwe zambiri ayi. Mwanayo ali ndi kaganizidwe kakekake, kamene kamasintha akamakula.

Nanga wa zaka zinayi uja wasokera pati? Choyamba, maso ake agwira chinthu chimodzi chokha, kutalika kwa madzi, osaona kuti botololo ndi lopyapyala. Chachiwiri, akuweruza potengera mmene zinthu zikuonekera tsopano, osalabadira kutsanula kumene kwachitika pakati. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, sangathe kubweza m'mutu mwake zimene zachitikazo n'kuona kuti madziwo atabwerera m'tambula angafike pomwe anali. Ndicho chifukwa chake mwana wotere amasiya kulira mukamudulira mbatata yake pawiri, pokhulupirira kuti tsopano ali ndi yambiri. Makolo ambiri anaitulukira kale njira imeneyi osamva dzina la Piaget.

Akafika zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, mwana yemweyo amakuyang'anani ngati mwafunsa zachibwana. Chofunika kumvetsera si yankho lokha koma chifukwa chimene akupereka. Wina amati, “Simunaonjezere, simunachotse.” Wina amati, “Mukawabwezera muja akhala chimodzimodzi.” Winanso amati, “Akwera, koma botololi ndi laling'ono m'mimba.” Mayankho atatu onsewa akusonyeza kuti mwana wayamba kugwira zinthu ziwiri m'mutu nthawi imodzi, ndiponso kuyendetsa maganizo chamtsogolo ndi cham'mbuyo. Masamu a kupulaimale amatsamira pa luso limeneli. Mwana amene wamvetsa kuti 5 kuphatikiza 3 ndi 8 chifukwa 8 kuchotsa 3 kumabwezera pa 5 akuchita ndi manambala zomwe anachita ndi madzi aja. Amene sanafike pamenepo akhoza kuloweza n'kumaimba bwinobwino, koma mukangotembenuza funso amasowa pogwira.

Luso limeneli silibwera tsiku limodzi. Mwana amayamba kuzindikira kuti timiyala tisanu ndi tisanu ndithu ngakhale mutatitalikitsa pamzere, kawirikawiri ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Koma mukaumba dongo lobulungira n'kulifulula kuti likhale lalitali ngati njoka, amatha kuvomera kuti dongolo ndi lomwelo koma n'kukana kuti likulemera chimodzimodzi. Za kulemera amadzazimvetsa cha m'ma zaka 9 kapena 10.

Zaka zimenezi zisatengedwe ngati lamulo, ndipo apa m'pamene Piaget anatsutsidwa kwambiri. Mu 1974, James McGarrigle ndi Margaret Donaldson a ku Edinburgh anabwereza kayesedwe ka mizere iwiri ya tinthu towerenga. M'malo moti munthu wamkulu atalikitse mzere umodzi mwadala, anabweretsa kachidole “kopulupudza” kamene kanasokoneza mzerewo ngati mwangozi. Ana a zaka zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi amene anayankha molondola anachuluka kwambiri. Chifukwa chake n'chomveka: wamkulu akasintha chinthu pamaso pako n'kukufunsa funso lomwelo kachiwiri, umaganiza kuti akufuna yankho lina. Kwa mwana amene analeredwa kuti sabwezera mawu akuluakulu, msampha umenewu ndi waukulu ndithu.

Zimene mwana wazolowera kugwira ndi manja zilinso ndi mbali yake. Ku Mekisiko, kafukufuku wa mu 1969 anapeza kuti ana a oumba mbiya ankazindikira msanga kuti dongo silichuluka likasintha maonekedwe, kuposa anzawo a m'mabanja osaumba. Ku Zambia, Robert Serpell anapatsa ana a ku Lusaka ndi ana a ku Mangalande ntchito yotengera zithunzi. Atawapatsa pensulo ndi pepala, a ku Mangalande anapambana. Atawapatsa waya kuti apinde, a ku Zambia, ozolowera kupanga magalimoto a mawaya, anawasiya kutali. Pa dongo anafanana. Choncho mwana akalephera mayeso, funso loyamba likhale lakuti kodi walephera kuganiza, kapena tamufunsa ndi chida chachilendo?

Wa zaka 9 uja, ngakhale ali wochenjera chotani, kuganiza kwake kumafuna chinthu chooneka kapena chimene anachionapo. Kusintha kwina kumayamba cha pa zaka 11 kapena 12, ndipo Piaget ndi mnzake Bärbel Inhelder anakuyesa ndi chingwe chomangirira cholemera kunsonga, cholendewera ngati katungwe. Funso linali lakuti, n'chiyani chimachititsa kuti chizipita ndi kubwera mofulumira kapena pang'onopang'ono? Kutalika kwa chingwe, kulemera kwa chomangiriracho, pamene wachikwezera pochisiya, kapena mphamvu yokankhira?

Mwana wa kupulaimale amayesa ndithu, koma mwachisawawa. Amafupikitsa chingwe n'kumangiriranso mwala wolemera nthawi yomweyo, ndipo chikafulumira amati ndi mwalawo. Wachinyamata amene wafika pa kaganizidwe katsopano amayamba wayala m'mutu zonse zimene zingakhale chifukwa, asanagwire n'komwe chingwe. Kenaka amasintha chimodzi, zina zonse n'kuzisiya momwe zilili: chingwe chomwecho ndi miyala itatu yosiyana, ndiye mwala umodzi ndi zingwe zitatu. Pomaliza amapeza kuti nkhani yagona pa kutalika kwa chingwe: chachifupi chimafulumira, chachitali chimachedwa, ndipo kulemera kulibe nazo kanthu.

Nzeru yomweyi, yotha kulingalira zimene sizinachitike, ndi imene imam'pangitsa kumvetsa kuti x ikhoza kuimira nambala iliyonse. Ndi yomweyinso imam'pangitsa kufunsa chifukwa chimene lamulo la pakhomo limagwira iye koma osagwira bambo ake. Zimene makolo amazitcha mwano nthawi zina zimakhala mwana akuyesa chida chimene wangochipeza kumene.

Si onse amene amafika pamenepa ali ndi zaka 12, ndipo akuluakulu ambiri amaganiza chotere pa ntchito imene anaizolowera yokha: makaniko amayesa chimodzichimodzi akamafufuza vuto la injini, koma pa nkhani ya matenda akhoza kumwa mankhwala atatu pamodzi n'kuyamikira amodzi. Komanso kutha kuganiza si kutha kudziletsa. Mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi, imene imathandiza kudikira ndi kuyeza zotsatira, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Mu 2005, Margo Gardner ndi Laurence Steinberg anaseweretsa anthu masewera oyendetsa galimoto pakompyuta. Achinyamata ankachita zoika moyo pachiswe zochuluka anzawo akakhala pambali kuonerera kusiyana ndi akakhala okha, pomwe kwa akuluakulu kusiyanako kunali kochepa. Mnyamata wa zaka 15 amene wakufotokozerani momveka bwino kuopsa kosambira mumtsinje wodzaza ali nanu awiri akhoza kukalumphiramo madzulo omwewo anzake atamuzungulira pagombe.