Chifukwa chake malo ndi galimoto amaziwerengera m'madola

Tomato, makala ndi usipa amagulitsidwa m'makwacha, ndipo palibe amene anaganizapo zotchula mtengo wa mulu wa tomato m'madola. Koma mukafunsa mtengo wa galimoto yochokera ku Japan, kapena wa puloti ya pamalo abwino mu Lilongwe kapena Blantyre, mwiniwake amayamba wayang'ana pafoni kuti aone reti ya tsikulo. Ena amatchula madola mosabisa. Ena amatchula makwacha, koma nambala yeniyeni imene ili m'mutu mwawo ndi ya madola. Ambiri amati ndi dyera chabe. Dyera liripo ndithu, koma si ndilo gwero la mchitidwewu.

Ndalama imagwira ntchito zitatu: timagulira zinthu, timayezera mtengo wa zinthu, ndiponso timasungiramo chuma. Ndalama ya dziko ikayamba kufooka, ntchitozi sizitha tsiku limodzi. Yosungira chuma ndiyo imayamba kutha, kenako yoyezera mtengo wa zinthu zikuluzikulu, pomwe yogulira zinthu za tsiku ndi tsiku imakhalapobe. Zili ngati ndowa yoyezera chimanga imene ikumachepa usiku uliwonse. Wogulitsa ndi kugula tsiku lomwelo sadandaula nayo, koma wobwereketsa chimanga choti chidzabwezedwe chaka chamawa amakafuna ndowa ina yosasintha.

Tiyeni tione za wogulitsa galimoto. Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu ya Malawi inasintha mtengo wa dola kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700, kukwera ndi 44 peresenti nthawi imodzi. Tiyerekeze munthu amene anaitanitsa galimoto kusinthaku kusanachitike. Galimotoyo pamodzi ndi sitima yoifikitsa padoko la Dar es Salaam zinamudyera madola 5,000, omwe panthawiyo anali K5.9 miliyoni. Kuiyendetsa mpaka pachipata cha Songwe ndi kulipira msonkho, tinene kuti zinatenga K3 miliyoni. Zonse pamodzi K8.9 miliyoni. Anaigulitsa K10 miliyoni, nalemba m'kope lake kuti wapindula K1.1 miliyoni.

Kwacha itagwa, wapita kukaitanitsa ina yofanana nayo. Madola 5,000 aja tsopano ndi K8.5 miliyoni. Msonkho nawo wakwera, chifukwa amauwerengera pa mtengo wa galimoto m'ndalama zakunja atausandutsa makwacha, ndipo zolipira za m'njira ya ku Tanzania nazonso si za makwacha. Choncho K3 miliyoni ija yafika cha m'ma K4.3 miliyoni. Akufunika K12.8 miliyoni, koma m'manja ali ndi K10 miliyoni. M'kope muli phindu, pomwe mpamba wadyeka ndi K2.8 miliyoni. Munthu amene zoterezi zinamuonekera kamodzi sawerengeranso mtengo pa ndalama zimene anagulira galimoto. Amawerengera pa zimene adzagulire inzake yolowa m'malo, ndipo imeneyo amagula ndi madola. Amalonda a ku Malawi anaziona kale mu Meyi 2012, pomwe dola inachoka cha m'ma K168 kufika cha m'ma K250, ndiponso mu Meyi 2022, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti.

Za galimoto n'zomveka. Nanga malo, omwe sachokera ku Japan, sakwera sitima, ndipo anali pomwepo makolo athu asanabadwe?

Apa nkhani yagona pa nthawi. Tomato amatha tsiku lomwelo, koma puloti imatha miyezi ikudikira wogula, ndipo akapezeka, nthawi zambiri amalipira pang'onopang'ono kwinaku mapepala a umwini akuyenda m'maofesi. Tinene kuti mayi wina anagulitsa puloti K12 miliyoni mu Okutobala 2023, nalandira theka, theka linalo n'kugwirizana kuti lidzabwere pakatha miyezi isanu ndi umodzi. K6 miliyoni yotsalayo inali yokwana madola pafupifupi 5,080 pa tsiku logwirizana. Pomadzailandira inali madola pafupifupi 3,530. Wogula sanaphwanye pangano, wapereka zonse mpaka tambala yomaliza. Koma ngati mayiwo amafuna kumangira nyumba ndalamazo, malata, mawaya ndi utoto zinali zitatsatira kale dola.

Chinanso n'chakuti anthu ambiri amagula malo kuti asungiremo chuma pothawa kwacha yomweyo. Munthu wotere safuna kudziwa ngati makwacha achuluka, koma ngati chuma chake chakula, ndipo makwacha sangamuyankhe funso limenelo. Komanso ena mwa ogula amphamvu ndi abale athu a ku Joni ndi ku Mangalande, omwe amalandira marandi ndi mapaundi. Kwacha ikagwa, kwa iwo puloti yatsika mtengo usiku umodzi, ndipo mwini malo amadziwa zimenezi, ndiye amakweza.

Si ife tokha. Ku Argentina, kumene ndalama yawo yakhala ikugwa kwa zaka makumi ambiri, nyumba za mumzinda wa Buenos Aires zimatsatsidwa m'madola, ndipo kawirikawiri zimalipiridwa ndi madola enieni apamanja. Ku Zimbabwe, mitengo itapenga mu 2008, boma linavomereza ndalama zakunja mu 2009, ndipo ngakhale ndalama yatsopano ya ZiG inabwera mu Epulo 2024, nyumba ndi galimoto zimatchulidwabe m'madola a ku America.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mchitidwewu suchotsa chiopsezo, umangochisamutsa. Wogulitsa wadziteteza, koma mtolo wonse wagwera wogula amene amalandira makwacha. Mphunzitsi amene wasunga ndalama zaka zitatu kuti agule puloti amadzuka m'mawa n'kupeza kuti yatalikira ndi 44 peresenti, pomwe malipiro ake ali pomwe analiri. Ndipo anthu ochuluka akamafuna madola ogulira katundu wa m'dziko momwemo, madola amasowa kwambiri, kwacha n'kumafookerafookera.

N'chifukwa chake maboma amaletsa. Malamulo a ku Malawi salola kutchula kapena kulipiritsa mitengo ya malonda a m'dziko muno m'ndalama zakunja, ndipo Banki Yaikulu yakhala ikuchenjeza za zimenezi. Zambia inaika lamulo lotere mu 2012, koma inalichotsa mu 2014. Zimbabwe inaletsa madola mu Juni 2019, n'kuwalolanso mu 2020, chaka chisanathe. Lamulo limatha kuchotsa chizindikiro cha dola pachikwangwani, koma wogulitsa amangosintha njira. Amati "mtengo tikambirana", kapena amatchula makwacha n'kunena kuti agwira ntchito masiku atatu okha, kapenanso amaikiratu mtengo wokwera kuti kwacha ikagwa imupeze atavala kale. Mukaona mtengo wa puloti ukusintha sabata iliyonse motsatana ndi reti, dziwani kuti m'munsi mwake muli dola.

Mikangano yambiri imabuka pa funso limodzi: reti yake iti? Madola akamasowa m'mabanki, amapezeka kwa ogulitsa ndalama mwamseri pa mtengo wokwera kwambiri. Wogula amawerengera reti ya kubanki, wogulitsa ya mumsewu, ndipo pa madola 5,000 kusiyanako kumafika mamiliyoni. Pangano la madola la pakamwa, lomwe lamulo silikulivomereza, n'lovuta kulitengera kukhoti. Wogula malo molipira pang'onopang'ono aumirire kuti papepala palembedwe mtengo wonse m'makwacha, masiku olipira, komanso ngati ndalama zotsalazo zidzakwere kwacha ikagwa, ndi mmene adzaziwerengere.