Mbewu ya Chambiko: Phunziro la Agogo kwa Mdzukulu

Chambiko chimachokera ku chambiko chinzake. M'makomo oweta ng'ombe, monga a ku Mzimba, mayi wodziwa ntchitoyi samaliza chonse cha m'chipanda. Amasiyako pang'ono kuti chikhale mbewu yosasitsira mkaka wa mawa. Mbewuyi ndi yamoyo, chifukwa muli tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, tomwe timadya shuga wa mumkaka n'kutulutsa asidi. Asidiyo ndiye amawawasitsa mkaka ndi kuugwiranitsa.

Luso losunga mbewu mtsikana amaliphunzira kukhitchini, ali pambali pa agogo ake. Phunziro limayambira pamoto. Agogo amamuwiritsitsa lita imodzi ya mkaka wongokama kumene, kuti majeremusi oyambitsa matenda ngati chifuwa chachikulu afe, ndiponso kuti mbewu isapeze opikisana nayo. Mkaka ukaphulidwa, mtsikana amafuna kuthira mbewu pompo, koma agogo amamugwira dzanja.

"Dikira kaye, mdzukulu wanga. Dontheza pang'ono padzanja. Ukakuotcha iwe, uphanso mbewu."

Mkaka ukangotsala wofunda, amathiramo masupuni akuluakulu awiri kapena atatu a chambiko chadzulo, n'kutakasa, n'kuvundikira. Chipanda amachiika pamalo ofunda osafika dzuwa, ndipo sachigwedezanso. M'nyengo yotentha ya Okutobala mkaka umagwirana pa tsiku limodzi, pamene m'chisanu cha Juni umatha kutenga masiku awiri kapena kupitirira. Timadzi tachikasu tolekana ndi chambiko si vuto, amangotikhuthula kuti chikhale cholimba.

Apa ndi pamene pagona mutu wa phunziro: mbewu imapatulidwa anthu asanayambe kudya. Agogo amaitapa ndi supuni yoyera, yosalowa m'kamwa mwa munthu, n'kuiika m'kabotolo kotsukidwa ndi madzi owira.

"Nanga ndikaisunga mwezi wathunthu, agogo?"

"Ifa ndi njala. Uziipatsa mkaka watsopano masiku atatu asanathe."

Zoonadi, shuga akatha ndipo asidi akachuluka, tizilombo timafooka n'kufa. Mufiriji mbewu imatha kudikira pafupifupi sabata, koma pamalo otentha siichedwa kutha mphamvu.

Chotsiriza ndi kudziwa kuzindikira mbewu yowonongeka. Yabwino imanunkhira kuwawasa kokoma ndipo imakhala yoyera. Ikayamba kununkha zoola, kuchita thovu lambiri kapena kumera nkhungu pamwamba, iyenera kutayidwa yonse, osati kungoyengula pamwamba pokha. Nthawi zina mbewu imakhala ilibe mlandu: mkaka wa ng'ombe yomwe yangobayidwa mankhwala opha mabakiteriya sugwirana, chifukwa mankhwalawo amaphanso tizilombo tabwino tija. Zikatero, chipanda chimatsukidwa ndi madzi owira n'kuyanikidwa padzuwa, ndipo mtsikana amatumidwa kwa anansi kukapempha chambiko chatsopano choti ayambirenso.