Mizere itatu yoyamba pa mayeso a kayendedwe ka kutentha

Ophunzira za uinjiniya ambiri amataya malikisi asanagwire n'komwe kakyuleta. Wochonga mayeso a kayendedwe ka kutentha amayamba wafunafuna zinthu zitatu pamwamba pa yankho: zimene wophunzira waganizira kuti zili choncho, miyeso imene wagwiritsa ntchito, ndi kutentha kumene wawerengera tebulo.

Funso likhoza kubwera chonchi. Madzi a 20 °C akuyenda mamita 0.5 pa sekondi pamwamba pa chitsulo chathyathyathya chotalika mamilimita 800, chotentha 80 °C. Mzere woyamba ukhale wa zoganizira: kutentha kwa chitsulo sikukusintha ndi nthawi, n'kofanana paliponse, ndipo khalidwe la madzi likutengedwa ngati losasintha. Fomula imene wophunzira asankhe imadalira mfundo zimenezi, choncho akazibisa, wochonga sangadziwe ngati wasankha mwadala kapena wangolotera.

Mzere wachiwiri ndi wa miyeso. Mamilimita 800 asanduke mamita 0.8 nthawi yomweyo, apo ayi nambala ya Reynolds ikula kuwirikiza 1,000. Funso likakhudza kutentha koyenda ngati cheza, madigiri asinthidwe kukhala makelevini, 80 °C ilembedwe 353 K.

Nkhani yagona pa mzere wachitatu. Madzi okhudza chitsulo atentha kufika 80 °C, pomwe akutali akadali pa 20 °C. Ndiye tebulo liwerengedwe pati? Yankho ndi kutentha kwa filimu, komwe kuli pakatikati pa ziwirizo: `Tf = (80 + 20)/2 = 50 °C`.

Kusiyana kwake si kwamasewera, chifukwa madzi akamatentha amapepuka poyenda. Visikosite yake, yolembedwa `ν`, ili pafupifupi `1.0 × 10⁻⁶ m²/s` pa 20 °C, koma pa 50 °C imatsika kufika `0.55 × 10⁻⁶ m²/s`. Wophunzira amene wawerenga tebulo pa 20 °C, akagwiritsa ntchito `Re = uL/ν`, apeza 400,000. Mnzake amene wawerenga pa 50 °C apeza pafupifupi 720,000. Mabuku ambiri amaika malire pa 500,000. Woyambayo anena kuti madzi akuyenda mwabata pachitsulo chonse, n'kutenga fomula yolakwika. Wachiwiriyo aona kuti chakumapeto kwa chitsulo madzi ayamba kuvunduka, ndipo akuchotsa kutentha kochuluka.

Komabe lamuloli lili ndi polekezera. Madzi akamayenda mkati mwa paipi, mafomula ambiri amafuna kutentha kwapakati pa madzi olowa ndi otuluka, osati kwa filimu. Fomula iliyonse imanena yokha kutentha kumene imafuna, ndiye wophunzira alembe kutenthako pambali pa manambala amene watenga m'tebulo, pamodzi ndi miyeso yake. Wochonga akaona zimenezi amatha kupereka malikisi a njira ngakhale nambala yomaliza italakwika.